Manambala a pa botolo la oyilo: zimene 5W-30 ndi 20W-50 amachita injini ikazizira ndiponso ikatentha

Mwezi wa Juni chaka chatha alamu anga anandipeza pa galaja panga kuno ku Luchenza m'mamawa, chiperoni chitakuta minda yonse ya tiyi moti phiri la Mulanje silinkaoneka n'komwe. Anali atangotha miyezi itatu chigulireni Sienta yoti azinyamulira anthu pakati pa Luchenza ndi Limbe, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene sanagone bwino.

"Alamu, galimoto ija yayamba kulira moipa," anatero. "Ndikailiza m'mawa ikumachita phokoso ngati muli timiyala, kenako zii. Komanso ikumakhala yolemera mpaka ndikafike pa boma."

Ndinawafunsa kuti mu injinimo muli oyilo wanji. Anati 20W-50. Amene anawapangira sevisi anawauza kuti dziko lathu lino n'lotentha, oyilo amene amathira ku Japan ndi madzi enieni, kuno kumafunika wolimba.

Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo sachokera kwa anthu osadziwa ntchito. Amachokera kwa amakaniko amene anaphunzira ntchito pa mainjini a kale, pamene malangizowo anali oona. Inenso ndinayambira pa mathirakitala ndi malole a pa esiteti ina ya tiyi, kumene oyilo tinkatunga m'diramu limodzi n'kuthira m'chilichonse chokhala ndi injini. Koma galimoto zimene zadzaza m'misewu yathu masiku ano n'zina, ndipo kuti munthu asankhe bwino ayenera kumvetsa chimene manambala awiri aja akunena.

Tiyambe ndi chinthu chimene aliyense anachionapo. Uchi umene uli m'botolo m'mawa wa mu Julayi umatuluka mokakamiza, koma mukauika padzuwa masana umayenderera msangamsanga. Oyilo wa injini amachitanso chimodzimodzi. Akazizira amalimba, akatentha amasungunuka n'kukhala wamadzimadzi. Ndikamanena kuti kulimba ndikutanthauza monga timanenera phala, kuti ili n'lolimba, ili n'lamadzimadzi. Palibe oyilo wa injini amene amalimba akatentha. Ndanena izi poyambirira chifukwa anthu ambiri akaona 10W-40 amaganiza kuti oyiloyo amayamba ali pa 10 n'kumakwera mpaka kufika pa 40 injini ikatentha. Sizili choncho. Oyilo ameneyu ali wozizira amakhala wolimba kwambiri kuposa mmene amakhalira atatentha.

Manambala awiriwa ndi zotsatira za mayeso awiri osiyana, ndipo sangayerekezedwe lina ndi linzake. Anawakhazikitsa ndi bungwe la akatswiri a zamagalimoto la ku America lotchedwa SAE, m'ndondomeko yawo yotchedwa J300. N'chifukwa chake pa botolo mumaona palembedwa SAE patsogolo pa manambalawo.

Nambala yoyamba, yokhala ndi W, ndi ya mayeso a kozizira. W ameneyu akuimira mawu a Chingerezi otanthauza nyengo yachisanu, osati kulemera ngati mmene ena amanenera. Amatenga oyilo n'kumuziziritsa kwambiri, kenako amaona ngati sitata ingathe kuzunguza injini muli oyilo woteroyo, komanso ngati pampu ingathe kumukoka. Pa mayeso a sitata, oyilo wa 20W amamuyesa pa madigiri 15 kunsi kwa ziro. Wa 15W pa 20 kunsi kwa ziro, wa 10W pa 25, wa 5W pa 30, ndipo wa 0W pa madigiri 35 kunsi kwa ziro. Nambala ikamachepa ndiye kuti oyiloyo amapirira kuzizira kochuluka asanafike polephera kuyenda.

Nambala yachiwiri ndi ya mayeso a kotentha. Amamutenthetsa oyiloyo kufika madigiri 100, komwe ndi kutentha koyandikira mmene amakhalira mu injini imene yayenda mtunda, n'kuyeza liwiro limene akudutsira m'kachubu kakang'ono kagalasi. Muyezo wake ndi masentisitoki, amene pa mapepala a makampani a oyilo amalembedwa cSt. Kuti mukhale ndi chithunzi, madzi akumwa ali pafupifupi pa 1. Oyilo amapatsidwa nambala 30 akapezeka pakati pa 9.3 ndi 12.5. Wa 40 amakhala pakati pa 12.5 ndi 16.3, ndipo wa 50 pakati pa 16.3 ndi 21.9. Wa 20 amakhala kunsi kwa 9.3. Palinso mayeso ena a pa madigiri 150, pomwe oyilo amafinyidwa mwamphamvu ngati mmene zimakhalira m'mabering'i, ndipo nawonso ayenera kuwakhoza kuti apatsidwe nambala yachiwiriyo.

Tsono taonani chimene zimenezi zikutanthauza. Oyilo wa 5W-30 ndi wa 10W-30, injini ikatentha, ali m'gulu limodzi. Wa 10W-40, wa 15W-40 ndi SAE 40 wopanda W uja amene ena amathira m'mainjini a zigayo, onsewo akatentha ali m'gulu limodzinso. Amasiyana m'mawa basi. SAE 40 wamba amalimba kwambiri akazizira, pamene 10W-40 amakhala akuyendabe bwino. Opanga amakwanitsa zimenezi potenga oyilo wopepuka n'kuthiramo mankhwala otchedwa mapolima, omwe ali ngati tizingwe tating'onoting'ono. Kukazizira tizingweti timakhala titadzipinda ndipo sititsekereza kwambiri, koma kukatentha timatambasuka n'kumachedwetsa oyiloyo kuti asasungunuke mopitirira. Oyilo wa sinthetiki sasinthasintha kwambiri ndi kutentha mwachibadwa chake, choncho safuna mapolima ochuluka.

Wina afunsa kuti, nanga ife za madigiri 30 kunsi kwa ziro zikutikhudza bwanji? Ku Bvumbwe ngakhale kuzizire bwanji, madzi a m'ndowa sauma. Funsoli n'lomveka, ndipo mbali ina n'loona. Kuno palibe oyilo wa pa shelefu amene angalepheretse injini kulira chifukwa cha chisanu. Koma injini imene yagona panja usiku wa mu Juni, kunja kuli madigiri 10, kwa oyilo ndi yozizira kwambiri, chifukwa iye anapangidwira kugwira ntchito pa madigiri 90 kapena 100. Pa madigiri 10 amenewo, 5W-30 wamba amakhala cha m'ma 300 masentisitoki. 15W-40 amakhala cha m'ma 600, ndipo 20W-50 amafika cha m'ma 1,000. Yerekezani ndi 10 kapena 11 amene injini ya Sienta imafuna ikatentha. Mitundu yonse itatuyi ndi yolimba mopitirira m'mawa, ngakhale 5W-30 yemwe amanenedwa kuti ndi madziyo. Funso ndi lakuti ndi uti amene wapitirira pang'ono.

Alamu anga sanakhutire ndi manambala, ndiye ndinawaonetsa ndi maso. Ndili ndi timabotolo tiwiri tagalasi tatitali, ndipo m'kalikonse ndinaikamo kampira kachitsulo kochokera m'bering'i yakutha. Kena ndinadzaza 5W-30, kena 20W-50, ndipo timagona pa shelefu ya panja. Ndinawapatsa kuti agwire kena dzanja ili, kena dzanja ilo, n'kutitembenuza nthawi imodzi. Kampira ka mu 5W-30 kanatsika n'kugunda pansi, kanzake kali pakatikati, kakutsetsereka mwaulesi, kathovu ka mpweya kakukwera pambali pake pang'onopang'ono. Kenako tinatereka madzi pa mbaula, n'kuviikamo timabotolo tonse tiwiri kwa mphindi khumi. Titatitembenuzanso, timipira tonse tinagwa nthawi yomweyo, moti kusiyana kwake kunali kovuta kukuona ndi maso. Alamu anayang'ana botolo la 20W-50 lija nati, "Ndiye kuti nayenso amasanduka madzi." Ndinati inde, amasungunuka onse, kungoti uyu amatsalira wolimbirapo, pafupifupi kuwirikiza kawiri mnzakeyo.

Chimene chimachitika m'masekondi oyamba injini ikalira ndi ichi. Usiku wonse oyilo amakhala atatsikira mu sampu, chibeseni cha pansi pa injini, m'mwamba mwangotsala kakhungu kochepa kokuta zitsulo. Pampu iyenera kumukoka kudzera pa kasefa ka pansi, kumukankha kudutsa mu fyuluta, n'kumukweza m'timabowo topita ku mabering'i a kirankishafuti, mpaka kumutu kwa injini kumene kuli makamshafuti. Wolimba amachedwa kufika, ndipo kumutu ndiko kumalandira komalizira. Mu injini ya Sienta ija, imene dzina lake ndi 1NZ-FE ndipo imapezekanso mu Probox ndi m'ma Corolla ambiri, oyilo sangofewetsa zitsulo kokha. Amagwiranso ntchito yokankha. Kachipangizo kokoka tcheni cha taimingi kuti chikhale chokungika kamadalira mphamvu ya oyilo. VVT-i, imene imasintha nthawi yotsegukira mavalavu, imayendetsedwanso ndi oyilo amene amadutsa pa kavalavu kamagetsi ndi kasefa kakang'ono ngati nsonga ya chala. Oyilo akachedwa kufika kumeneko, mumamva phokoso lija la timiyala. Akakhala wolimba kwa nthawi yaitali, injini imalimbana naye, ndipo galimoto imamveka yolemera mpaka itatentha.

Tibwerere tsopano ku mfundo ija yakuti dziko lathu n'lotentha. Kutentha kwa oyilo mu injini ya galimoto sikulamulidwa kwambiri ndi dzuwa la panja. Kumalamulidwa ndi moto wa m'masilinda, ndi madzi a mu ladiyeta, ndi themositati imene imasunga madziwo pa madigiri 80 mpaka 90 kapena kupitirirako pang'ono. Kunja kukhale madigiri 15 ku Thyolo kapena 38 ku Chikwawa mu Okutobala, injini yabwinobwino imasunga kutentha kwake pafupifupi pamodzimodzi, ndipo oyilo amangosuntha madigiri ochepa. Komanso ku Japan kumene galimotozi zimachokera kumatentha ndithu. Mu Julayi ndi Ogasiti ku Tokyo kumapitirira madigiri 30, galimoto zili pa mdipiti, ndipo oyilo wake amakhala yemweyo wa 0W-20 kapena 5W-30.

Chimene chimatenthetsadi oyilo ndi katundu ndi chitunda. Sienta imene yanyamula anthu mpaka kumbuyo, matumba a chinangwa ndi nthochi ali pamwamba, ikukwera zitunda za ku Thyolo pa liwiro lochepa injini ikubangula, oyilo wake amatentha kuposa wa galimoto ya munthu wopita ku ofesi. Ichi ndi chifukwa chomveka chosankhira wolimbirapo pakati pa mitundu imene opanga injiniyo analola. Si chifukwa chodumphira magulu awiri kapena atatu.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chizolowezi china chochokera ku maganizo omwewa chimene chimandipweteka mtima. Galimoto ikangofika kuchokera ku doko, ena amathamangira kuchotsa themositati, ati kuti isamatenthe. Akatero injini imachedwa kwambiri kufika pa kutentha kwake, ndipo m'nyengo ya chiperoni mwina siifikapo n'komwe. Oyilo amakhala wolimba ulendo wonse. Chinyezi ndi petulo amene amadontheza mu sampu sauluka, chifukwa amafuna oyilo wotentha kuti atuluke. M'kupita kwa nthawi mumapeza matope akuda pansi pa chivundikiro cha mavalavu. Galimoto imene yachotsedwa themositati n'kuthiridwanso 20W-50 yalakwiridwa kawiri.

Nanga nambala yachiwiri ikakula mopitirira, choipa n'chiyani? Paja anthu amati wolimba amateteza. Pakati pa kirankishafuti ndi bering'i pali mpata wochepa kuposa tsitsi limodzi, ndipo shafutiyo ikamazungulira imayandama pa oyilo amene ali mumpatamo. Oyilo akapepuka mopitirira, kakhungu kameneka kamaphwanyika ndipo zitsulo zimakhudzana. Apa anthu aja akunena zoona. Koma oyilo ali ndi ntchito ina imene saiwerengera, yochotsa kutentha. Amalowa mu bering'i, n'kutenga moto, n'kutuluka kuti wina alowe. Wolimba amadutsa pang'onopang'ono m'mipata yothinana, ndiponso kukhuzana kwa iye mwini kumabala kutentha kwina. Geji ya oyilo imaonetsa mphamvu yokwera, mwini galimoto n'kusangalala, osadziwa kuti mphamvu ikakwera kwambiri kavalavu ka pa pampu kamatseguka n'kubwezera oyilo wina mu sampu asanapite kulikonse. Geji imayeza kuvuta kwa njira, siyeza kuchuluka kwa oyilo amene wafika.

Sindikunena kuti 20W-50 amapha injini ya Sienta tsiku limodzi. Zikanakhala choncho bwenzi misewu yathu ili yodzaza ndi galimoto zakufa. Kuononga kwake n'kwa pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse kumutu kwa injini kumadikira oyilo nthawi yotalikirapo, VVT-i imayankha mochedwa, ndipo petulo amapita wochulukirapo pang'ono pa ulendo uliwonse. Kwa munthu wopita ku Limbe katatu pa tsiku, pang'ono ameneyo amaoneka pakutha pa mwezi.

Nazi zimene tinachita ndi galimoto ya alamu. Choyamba tinafufuza chimene opanga analemba. Buku lake linali m'kabokosi ka kutsogolo, la Chijapani lokhalokha, koma manambala ndi manambala. Kumasamba akumapeto kuli tebulo la zamadzimadzi zonse za galimoto, ndipo pa mzere wa oyilo wa injini tinawerenga 0W-20 ndi 5W-30. Galimoto zina zimakhala zitalembedwa pa chitsekerero chothirira oyilo, kapena pa kapepala komatidwa kunsi kwa boneti. Pa tebulolo 20W-50 panalibe.

Chachiwiri tinafunsa ngati injiniyo idakali momwe opanga anaisiyira. Inali itayenda makilomita 140,000. Nambala imeneyi payokha siuza munthu kuti injini yatha, ndipo sindigwirizana ndi zoti galimoto ikangopitirira 100,000 izithiridwa wolimba. Tinayang'ana zizindikiro. Ku ekizozi sikunkatuluka utsi wabuluu, ngakhale poiliza kapena poiponda. Mapulagi anali ouma, a mtundu wa khofi wothira mkaka, opanda mafuta. Nditatsegula chitsekerero n'kuunika ndi tochi, zitsulo za m'kati zinali zachikasu ngati tiyi wopepuka, popanda matope. Kanyali kofiira ka oyilo kankazima msanga ndipo sikankaphethira injini ikatentha. Injini yotere siinathe.

Chachitatu tinaganizira ntchito yake. Ikanakhala galimoto ya banja, yopita kutchalitchi ndi kumsika wa ku Bvumbwe, 0W-20 akanakhala bwino. Koma iyi ndi ya matola, yolemedwa tsiku lonse, yokwera zitunda. Pa mitundu imene buku linalola tinasankha wolimbirapo, 5W-30. Tinayang'ananso kuseri kwa botolo pamene palembedwa API. Zilembo zoyamba ndi S ndi za injini za petulo, ndipo chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo ndiye kuti ndi muyezo watsopano. SN anatuluka mu 2010, SP mu 2020. Manambala aja amangonena za kulimba, koma zilembozi ndi zimene zimanena za mankhwala otsuka ndi oteteza amene ali m'katimo.

Tinaitenthetsa injini, n'kukhetsa wakaleyo ali wotentha kuti atuluke yense. Nditamasula fyuluta ndinapeza vuto lachiwiri. Inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndipo kalabala ka m'kati kamene kamatseka kuti oyilo asabwerere mu sampu usiku kanali kouma gwa. Fyuluta yotere imapangitsa kuti njira za oyilo zikhale zopanda kanthu m'mawa, ndipo pampu iyenera kuyamba yazidzaza kaye. Choncho phokoso lija silinali la oyilo yekha. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti phokoso lililonse la m'mawa limatha posintha nambala ya pa botolo. Tinaika fyuluta yabwino, tinatsuka kasefa ka VVT-i kaja, n'kuthira malita 3.7, omwe ndi mlingo wa injini imeneyi mukasintha ndi fyuluta yomwe.

Kenako ndinawapatsa alamu ntchito. Loweruka lililonse m'mawa, galimoto ili pamalo osapendekeka, injini isanalire, azisolola dipisitiki, kuipukuta, kuibwezera, n'kuisololanso, ndipo azilemba m'kope pamene oyilo walekezera pamodzi ndi makilomita. Umu ndi mmene munthu amadziwira ngati injini ikudya oyilo, osati mongomva kwa anthu. Ndinawauza kuti ikamatsika kuchoka pa kadontho ka pamwamba kufika pa ka pansi isanakwane makilomita 2,000, tidzakhala pansi n'kuonanso. Atayenda makilomita 5,000, pamene ine ndimasinthira oyilo wa galimoto za matola chifukwa cha fumbi ndi kuimaima, anali atatsika osafika ndi theka lomwe. Phokoso la m'mawa linali litatha kuyambira tsiku lotsatira.

Ikanapezeka kuti ikudya, sindikanathamangira 20W-50. Ndikanayamba ndafufuza kumene oyiloyo akupita. Utsi wabuluu wotuluka pongoiliza m'mawa n'kusiya nthawi zambiri umaloza ku timalabala ta mavalavu. Utsi wotuluka mukamaiponda pa chitunda umaloza ku maring'i a mapisitoni. Pansi pamene yagona pakakhala madontho, ndiye kuti ikutaya, sikudya ayi, ndipo mankhwala ake ndi gasiketi kapena silu. Injini imene yathadi, mipata yake itakula, ikhoza kuthandizidwa pokwera gulu limodzi, kuchoka pa 30 kupita pa 40, monga 5W-40 kapena 10W-40. Kumeneko ndi kugula nthawi kuti munthu asonkhanitse ndalama ya ovaholo. Zitsulo zimene zadyeka sizibwerera.

Chizindikiro chimodzi chokha musachiseweretse. Kanyali kofiira kakamaphethira injini itatentha ndipo galimoto yaima pa siteji, ambiri amathira wolimba, kanyaliko n'kuzima, iwo n'kumati zatheka. Kanyali kameneka kamayaka mphamvu ya oyilo ikatsika kwambiri zedi. Chifukwa chake chikhoza kukhala mabering'i otha, kasefa ka mu sampu kotsekeka ndi matope, oyilo amene wasungunuka ndi petulo, kapena kaswitchi kake kokha. Kasefa kakakhala kotsekeka, oyilo wolimba amangoonjezera vutolo chifukwa pampu imavutika kwambiri kumukoka. Njira yake ndi kumasula kaswitchiko, kumangapo geji yeniyeni, n'kuyeza injini ili yotentha. Nunkhizaninso dipisitiki. Ikamamveka petulo ndipo mlingo ukukwera m'malo motsika, vuto lili ku mafuta, ndipo injini yotere ikhoza kunoka ngakhale mutathira oyilo wodula bwanji.

Oyilo wolimba ali ndi kwawo. Maminibasi akale a dizilo, malole onyamula tiyi ndi mathirakitala ambiri amayenda bwino ndi 15W-40 wokhala ndi zilembo za API zoyamba ndi C, monga CI-4, chifukwa dizilo amatulutsa mwaye wambiri umene oyilo ayenera kuunyamula. Galimoto za petulo zakale, za kabuleta, zambiri mabuku ake amalola 20W-50 kumalo kosazizira kwambiri. Madizilo atsopano okhala ndi sefa ya mwaye ku ekizozi ndi nkhani ina, amafuna oyilo wawowawo wosasiya phulusa lambiri, ndipo pamenepo buku liyenera kutsatidwa ndendende.

Anyamata a kabaza amene amadzaza pa Chitakale ndi pa Limbuli nawonso nkhani yawo ndi yosiyana, ndipo kwa iwo mfundo ya kutentha ija ili ndi mphamvu. Injini ya njinga zamoto zimene amayendetsa ilibe madzi kapena themositati, imazizira ndi mphepo basi. Ikamakwera chitunda pang'onopang'ono itanyamula anthu awiri ndi thumba, mphepo imachepa pamene moto wachuluka, ndipo oyilo amatentha kwambiri. Oyilo yemweyo, amene ndi pafupifupi lita imodzi yokha, amayendanso m'magiya ndi mu kilatchi. Mano a magiya amadula tizingwe ta mapolima tija, moti oyilo amene analowa ali wa 50 amapepuka msanga kuposa mmene akanachitira m'galimoto. N'chifukwa chake mabuku a njinga zambiri za ku India amalemba 20W-50, ena 10W-40 kapena 10W-30, ndipo amafuna kusintha pafupipafupi. Pa botolo payenera kukhala JASO MA kapena MA2, chizindikiro chakuti oyiloyo ndi woyenera kilatchi ya njinga. Oyilo wa galimoto wopulumutsa petulo amakhala ndi mankhwala oterera kwambiri amene angachititse kilatchi ya njinga kuterereka, injini n'kumabangula njinga osathamanga. Ndiye 5W-30 amene anachiritsa Sienta ya alamu akhoza kuononga kilatchi ya mwana wa achimwene anga amene amayendetsa njinga ku Thekerani.

Funso limene amandifunsa kawirikawiri madalaivala ndi la kusakaniza. Mwafika ku Muloza, dipisitiki ikuonetsa pansi, ndipo m'sitolo muli 15W-40 yekha pamene inu munathira 5W-30. Thirani. Oyilo wa injini amasakanikirana bwinobwino, ndipo mumangopeza kulimba kwa pakati pa awiriwo. Kuyenda ndi oyilo wochepa n'koopsa kwambiri kuposa kuonjezera theka la lita la mtundu wina. Mukadzafika nthawi ya sevisi mudzabwerere ku wanu. Amene sindingakulimbikitseni ndi oyilo wopungulidwa m'mabotolo a madzi akumwa, wogulitsidwa m'mbali mwa msewu. Mwina ndi wabwino, mwina ndi wokhetsedwa m'galimoto ina n'kusefedwa pa nsalu. Kumupaka pa zala ali wozizira sikungakuuzeni mmene adzakhalire pa madigiri 100, chifukwa monga taonera, SAE 40 wamba ndi 10W-40 amamveka mosiyana kwambiri pa zala koma akatentha ali m'gulu limodzi. Gulani wa m'botolo lomata, muone kuti chitsekerero sichinatsegulidwepo, ndipo botololo mulitsegule nokha kapena litsegulidwe inu mukuona.

Sienta ya alamu tsopano yadutsa makilomita 180,000, idakali pa 5W-30 yemweyo. Kope lija likadali m'kabokosi ka kutsogolo, masamba ake ali ndi zidindo za zala zamafuta. Mwezi watha linaonetsa kuti oyilo wayamba kutsika mofulumirirapo kuposa chaka chatha, ndipo titayang'ana pansi tinapeza gasiketi ya chivundikiro cha mavalavu ikunyowa kumbuyo, cha kufupi ndi silinda yachinayi. Tinasintha gasiketiyo, ndipo Loweruka likubwerali adzayezanso.